Chithunzi cha kumaliseche chimene mwatumiza pa foni chimakathera kuti?

Chilonda kapena totupa tikatuluka malo obisika, anthu ambiri masiku ano sayamba ndi chipatala, amayamba ndi foni. Sindikuwadabwa. Mzuzu ndi mzinda waung'ono, ndipo amene anafolapo pa mzere ku chipatala cha Mapale akudziwa kuti sipalephera kupezeka munthu wokudziwani: woyandikana naye nyumba, wopemphera naye, kapena mlamu wa mnzanu wa kuntchito. Ndiye munthu amatseka chitseko, n'kujambula pamalopo, n'kutumizira amene akudzitchula dokotala pa Facebook kapena apu yoti imazindikira matenda a pakhungu. Chimene chimamulimbitsa mtima ndi chimodzi: nkhope sikuoneka, ndani angadziwe kuti ndi ine?

Maganizo amenewa ndi amene ndikufuna kuwatsutsa. Chimene chimaulula mwini chithunzi nthawi zambiri si nkhope ayi, koma zinthu zimene zimayenda limodzi ndi chithunzicho. Ndipo chithunzi chimayamba kuchulukana musanachitumize n'komwe.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa kaunjika, amakhala ku Chibavi. Waona kachilonda kumaliseche, sikakupweteka, koma kamudetsa nkhawa. Wajambula kanayi ndi foni yake ya Tecno chifukwa zithunzi zoyamba zinatuluka zosaoneka bwino, wasankha chimodzi, watumiza pa WhatsApp ku nambala imene anaipeza pa tsamba lina la Facebook la "zaumoyo wa amayi". Atatumiza wafufuta zonse zinayi mu Gallery. Iye akuona ngati chithunzi chatsala chimodzi, kwa dokotala uja. Tiyeni tiwerenge.

Zinayi zimene wafufuta zija sizinachoke. Mafoni ambiri amazisunga kaye mu Trash kapena Recently deleted kwa pafupifupi mwezi, ndipo aliyense wodziwa pogwira akhoza kuzibweza. Ngati foniyo ili ndi Google Photos ndipo Backup ndi yotsegula, zinayi zonse zinakwera kale ku akaunti ya Google pomwe foni inapeza intaneti. Kuzifufuta mu Gallery ya foni sikuchotsa zimene zili ku akaunti, ndipo ngakhale atazifufutira mu Google Photos momwemo, zimakhala mu Trash ya kumeneko mpaka masiku 60. Funso lalikulu apa ndi lakuti akauntiyo anatsegula ndani. Anthu ambiri foni anawakonzera ndi mwamuna wawo, mchimwene wawo kapena mnyamata wa pasitolo pomwe anaigula, ndipo pasiwedi akuidziwa ndi ameneyo. Ngati akaunti yomweyo ikadali yolowedwa pa foni yakale imene anapatsa mwana wa mng'ono wake ku Ekwendeni, zithunzi zikaonekeranso kumeneko popanda wina kuzitumiza.

Chimene anatumiza chija chilinso ndi kope lake. WhatsApp imasunga zithunzi zotumizidwa mu foda yakeyake, imene pa mafoni atsopano a Android imapezeka apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/WhatsApp Images/Sent
```

Foda imeneyi sioneka mu Gallery, n'chifukwa chake ambiri saidziwa, koma wotsegula File Manager amaipeza mosavuta. Okonza mafoni amaidziwa bwino. Sindikunena kuti anyamata okonza mafoni mu tauni muno onse amasuzumira zinthu za eni, ambiri alibe nazo ntchito, koma foni yosweka galasi imene mwaisiya pa benchi pamodzi ndi patani yotsegulira yakhala m'manja mwa munthu wina maola angapo, ndipo kukopera foda yonse ku kompyuta ndi ntchito ya mphindi zochepa. Onjezanipo Chat backup ya WhatsApp imene imapita ku Google Drive. Imeneyo sikhala yokhomedwa mwanjira yoti inu nokha ndi amene mungaitsegule pokhapokha mutayatsa nokha End-to-end encrypted backup.

Zonsezi zili kumbali ya mayi uja. Sitinafikebe kwa wolandira.

Zimene zimapita limodzi ndi chithunzi

Kamera ya foni ikajambula, imalemba mkati mwa fayilo zinthu zosaoneka ndi maso zotchedwa EXIF: tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndiponso malo ngati kamera inaloledwa kugwiritsa ntchito Location. Malowo salembedwa kuti "Chibavi" chabe. Zimakhala nambala zimene wina akaziika pa Google Maps zimamufikitsa pa nyumba kapena pafupi nayo ndi mamita ochepa. Mukhoza kuyesa nokha: tsegulani chithunzi chilichonse, dinani Details, muone ngati pakutuluka mapu.

WhatsApp imachotsa zimenezi mukatumiza chithunzi mwa njira ya masiku onse. Koma imachepetsanso kuoneka bwino ndi kukula kwa chithunzicho, ndipo apa ndi pomwe msampha umatcherwa. Wolandira amayankha kuti, "Mayi, sichikuoneka bwino, tumizani ngati Document." Pempholi likumveka lanzeru, ndipo dokotala weniweni akhozanso kulinena, popeza Document imatumiza fayilo monga momwe ilili. Koma monga momwe ilili ndiye kuti pamodzi ndi malo aja. Imelo nayonso imatumiza chonchi, chimodzimodzi Telegram mukasankha File. Apu imene mwaipatsa chithunzi ikhozanso kuwerenga zimenezi ngati munailola.

Chachiwiri ndi chimene chili m'chithunzi mwenimwenimo. Munthu akamajambula maso ake amakhala pa chilonda, saona kuti m'mphepete mwalowa mikanda ya m'chiuno, chipsera cha opareshoni yobereka, mphini, mphete, mtundu wa utoto wa zikhadabo, nsalu ya pabedi, kapena chitenje cha Umanyano chimene anayala pansi. Kwa mlendo wa ku Lagos zimenezi zilibe tanthauzo. Koma chithunzi chikatayika sichipita ku Lagos, chimazungulira m'magulu a WhatsApp a kuno konkuno, ndipo pa anthu mazana awiri a m'gulu limodzi pamangofunika mmodzi amene anaionapo nsaluyo itayanikidwa pa chingwe.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ambiri sachiganizira: nambala ya foni. Kuno kwathu simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Munthu amene ali ndi nambala yanu safunika luso lililonse kuti adziwe dzina lanu. Amangoyamba ngati akukutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lonse limatuluka asanatsimikize, iye n'kusiya pomwepo. Mukamulipira "ndalama yoonana ndi dokotala" ndiye mwamupatsa dzinalo nokha mu uthenga wa malipiro. Dzina akaliika pa Facebook, zotsala zimabwera zokha: mwamuna, mpingo, malo a geni, sukulu ya ana. Chithunzi cha pa WhatsApp, ndi Status ngati munasunga nambala yake, zimamuonetsa nkhope imene munaibisa ija.

Ndiye onani chimene munthu uja ali nacho m'manja tsopano. Si chithunzi chopanda mwini. Ali ndi chithunzi, pamwamba pake pali nambala ndi dzina, pansi pake pali mawu amene mayi uja analemba yekha: kuti chilondacho chinayamba liti, anagonana ndi ndani, amuna ake ali ku Joni chaka chachiwiri. Sikirinishoti imodzi imatenga zonsezi pamodzi. Kunena zoona, nthawi zambiri mawuwo ndi amene amapweteka munthu kuposa chithunzicho, chifukwa chithunzi chokha ukhoza kuchikana.

Wolandirayo ndi ndani?

Anthu amakonda kunena kuti WhatsApp ndi yotetezeka chifukwa pamwamba pa macheza pamalembedwa kuti mauthenga ndi end-to-end encrypted. Ndi zoona, koma tanthauzo lake ndi lochepa kuposa momwe ambiri amaganizira. Zili ngati kalata yomata bwino imene mwapatsira kondakitala wa basi ya ku Karonga: panjira palibe angaiwerenge, ngakhale kondakitalayo, koma ikafika ndi kutsegulidwa, zoti aionetsa ndani zili kwa amene wailandira. Foni ya wolandira nayonso ili ndi Gallery, ili ndi Google Photos, ili ndi mkazi kapena mwana amene amaigwira madzulo. Nambala imodzi ya WhatsApp ikhoza kukhala yotsegulidwa pa makompyuta ndi mafoni ena kudzera mu Linked devices, inu osadziwa kuti akuwerenga ndi angati. Uthenga wopita ku tsamba la Facebook nawo supita kwa munthu mmodzi, aliyense amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa tsambalo akhoza kutsegula inibokosi. Pa Telegram macheza wamba sakhala okhomedwa chonchi, pokhapokha mutatsegula Secret Chat.

Nanga View once? Imathandiza pang'ono: chithunzi sichilowa mu Gallery ya wolandira, ndipo WhatsApp yeniyeni imakaniza sikirinishoti. Koma foni yachiwiri ikhoza kujambula galasi la foni yoyamba, ndipo palibe angakudziwitseni. Komanso muno muli anthu ambiri ogwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi anzake, amene anawakondera ndendende zimenezi, kuti amatha kusunga za View once ndi kuonetsabe mauthenga amene wotumiza wafufuta. Delete for everyone ndi pempho chabe kwa foni ya mnzanu, limagwira mkati mwa masiku awiri okha, ndipo silikhudza chimene chakoperedwa kale kwina.

Wabodza amazindikirika bwanji? Chovala choyera ndi chipangizo chomvera mtima pakhosi si umboni, zithunzi zotero zili mbwee pa intaneti. Madokotala ndi makilinikala ofisa a m'dziko muno amalembetsedwa ku bungwe la Medical Council of Malawi, ndipo weniweni savutika kutchula dzina lake lonse ndi chipatala chimene mungamupezeko maso ndi maso. Koma chizindikiro chodalirika kwambiri ndi dongosolo la mafunso ake. Wachipatala amayamba ndi mbiri: chayamba liti, chikupweteka kapena kuyabwa, pali chikazi chachilendo kapena mafinya, muli ndi pakati, munayezetsa liti magazi, mwamwa kale mankhwala anji. Nthawi zambiri amathera pa mawu akuti bwerani tikuoneni. Wabodza amathamangira chithunzi, ndipo akachilandira amafuna china: chotalikirako, choonetsa thupi lonse "kuti tione ngati zafalikira", kenako vidiyo, kenako kuimbirana pa vidiyo nkhope ikuoneka. Pempho lililonse limakulirako pang'ono kuposa lapitalo, ndipo palibe chifukwa cha chipatala chofunira nkhope ndi maliseche m'chithunzi chimodzi. Winanso ndi amene anakutsatirani yekha ku inibokosi mutafunsa funso m'gulu. Ameneyo musamuyankhe n'komwe.

Magulu a Facebook a zaumoyo, aja olola Anonymous post, ali ndi vuto lawolawo. Dzina lanu limabisika kwa mamembala, koma oyendetsa gululo amaliona.

Maapu

Apu imaoneka yabwinoko chifukwa palibe munthu akukuyang'anani. Koma maapu ambiri otere sayezera chithunzi mu foni mwanu, amachikweza ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo chimakakhala kumeneko pamodzi ndi imelo imene munalowera, mtundu wa foni ndi mayankho amene munapereka. Kufufuta apu mu foni sikuchotsa kanthu kumeneko. Zolembedwa zazitali zimene timangodina Accept zija kawirikawiri zimapatsa kampani chilolezo chosunga zithunzi "pofuna kukonza ntchito zake", kutanthauza kuti akhoza kuphunzitsira makina awo, ndipo antchito kapena makampani ena olembedwa ganyu akhoza kuziona pozisanja. Kampani ikagulitsidwa, zithunzi zimapita ndi wogula. Pa Play Store pali gawo la Data safety loonetsa zimene apu imatenga ndi kugawa. Liwerengeni, koma mudziwe kuti amalemba ndi eni apu okha.

Mu 2024 kampani ya HeHealth inatulutsa apu yotchedwa Calmara. Inkauza anthu kuti ajambule maliseche a mwamuna asanagonane naye, makina anene ngati ali ndi matenda opatsirana pogonana. Madokotala anaitsutsa nthawi yomweyo: matenda ambiri otere saoneka ndi maso, ndipo panalibe njira yeniyeni yotsimikizira kuti wojambulidwayo wavomera kapena kuti si mwana. Bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linafufuza, ndipo pofika Julaye chaka chomwecho kampaniyo inavomera kutseka maapu ake ndi kufufuta zimene inasonkhanitsa. Imeneyo inatsekedwa chifukwa inatchuka mpaka boma la dziko lamphamvu linaiona. Pa Play Store pali maapu ena ambirimbiri oyeza khungu amene eni ake sadziwika ngakhale komwe ali.

Ngakhale wosunga akhale wachilungamo, akuba alipo. Mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a gulu la zipatala la Lehigh Valley Health Network ku Pennsylvania, ku America, n'kufuna dipo. Zipatalazo zitakana kulipira, akubawo anatulutsa poyera zithunzi za odwala khansa ali osavala, zimene zinajambulidwa polandira chithandizo. Mu 2024 zipatalazo zinavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 65 miliyoni. Odwala amenewo anali ndi maloya ndi khoti lowamvera. Mayi wa ku Chibavi amene chithunzi chake chabedwa ku kampani ya dziko lina alibe pogwira.

Chinthu chimodzi chaching'ono choyenera kuchiyang'ana: apu ikapempha kuona zithunzi, mafoni atsopano amalola kusankha chithunzi chimodzi, pa mawu onga Select photos kapena Allow limited access. Mukadina Allow all mwaitsegulira Gallery yonse, kuphatikizapo chithunzi cha chiphaso chanu chimene munajambula polembetsa simu.

Posinthana ndi zonsezi, mwapezapo chiyani?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa. Pa matenda ena a pakhungu, monga zipere kapena mashingozi, chithunzi chabwino chimathandizadi wodziwa ntchito. Koma pa zilonda za kumaliseche chithunzi chimanena zochepa. Chilonda choyamba cha chindoko, matuza ophulika, ndi zilonda za mitundu ina zimafanana kwambiri, moti ngakhale wachipatala amene akuona ndi maso amafunsa mafunso, amagwira m'mphechepeche kumva ngati mwatupa, n'kuyeza magazi. Tibwerere kwa mayi uja. Kachilonda kosapweteka n'kotheka kuti ndi chindoko, ndipo chilonda cha chindoko chimapola chokha pakatha milungu 3 mpaka 6 pomwe matenda akupitirira m'thupi. Ngati "dokotala" uja wamugulitsa mafuta opaka, chilonda chipola, mayi athokoza, chindoko chikhalabe, ndipo akadzatenga pakati chikhoza kuvulaza mwana. Kuyeza kwake n'kwa kadontho ka magazi a pachala, zotsatira tsiku lomwelo, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini amene palibe foni ingamubaye. Chinzonono nacho mwa amayi ambiri sichionetsa chilichonse chojambulika.

Ngati vuto ndi mzere wa anthu okudziwani, njira zilipo zosasiya chithunzi kwina kulikonse. Simukakamizidwa kufotokoza vuto lanu pa windo pomwe ena akumva, mukhoza kungonena kuti mukafotokozera m'chipinda. Mukhoza kupempha kuonedwa ndi mayi mnzanu kapena bambo mnzanu. Mukhoza kupita kuchipatala cha mbali ina ya mzinda, ku St John's, kapena ku Banja La Mtsogolo ngati ndalama ilipo. Chipatala Cha Pa Foni nacho chimapereka uphungu pongolankhulana.

Nthawi zina wachipatala weniweni, amene munaonana naye kale, amapempha chithunzi kuti aone ngati mankhwala akugwira kapena kuti afunse katswiri wa khungu. Zikatero, yambani ndi kuzimitsa Backup mu Google Photos ndi kuchotsera kamera chilolezo cha Location musanajambule. Vulani mikanda ndi mphete, yalani nsalu yopanda maluwa, jambulani pafupi moti muoneke chilonda ndi khungu lochepa lozungulira basi. Kenako tsegulani chithunzicho, chikulitseni, mutenge sikirinishoti, ndipo mutumize sikirinishotiyo, chifukwa siitenga malo amene analembedwa m'chithunzi choyamba. Mfunseni wachipatalayo mosachita manyazi: "Adokotala, chithunzichi aona ndani wina, ndipo mufufuta liti?" Madokotala amafunsana nzeru m'magulu awo a WhatsApp, nthawi zambiri ndi mtima wabwino, koma muyenera kudziwa ndi kuvomera. Mukatha fufutani mu Gallery, mu Trash, m'macheza ndi mu foda ya Sent ija. Ngati mukufuna kusunga kuti muziyerekeza momwe chikupolera, chiikeni mu Locked Folder ya Google Photos kapena Secure Folder ya Samsung. Ndipo njira yabwino koposa ndi yakale: jambulani, musatumize, mukamuonetse wachipatala pa foni yanu ili m'manja mwanu.

Pa ana ndiye ndinena mosapsatira: musajambule maliseche a mwana, ngakhale atupe chotani. Mu February 2021 bambo wina wa ku San Francisco anajambula mwana wake wamng'ono amene anatupa kumaliseche, chifukwa namwino anapempha zithunzi dokotala asanawaone pa vidiyo nthawi ya Kovidi. Zithunzizo zinakwera zokha ku akaunti ya Google, makina a kampaniyo anaziika m'gulu la zithunzi zozunza ana, akaunti inatsekedwa ndipo nkhani inafika ku polisi. Apolisi atafufuza anapeza kuti palibe mlandu, koma pamene nyuzipepala ya New York Times inkalemba nkhaniyi mu 2022, Google inali itakana kumubwezera akaunti, ndipo maimelo ndi zithunzi za zaka zambiri zinapita. Kupatula apo, malamulo athu amaletsa kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndipo chithunzi chikachoka m'manja mwanu chikhoza kugwera anthu amene amasaka zoterozo. Mwana mupite naye kuchipatala.

Zikafika poopsezedwa

Uthenga wa woopseza umakhala wofanana: tumizani ndalama pofika madzulo, apo ayi amuna anu ndi a kumpingo aona. Amatumiza sikirinishoti ya abale anu a pa Facebook kuti muone kuti sakuseka. Nthawi yochepayo amaiika dala kuti musapeze mpata wouza munthu.

Musalipire. Kulipira sikufufuta chithunzi, kumangomuuza kuti muli ndi mantha ndiponso muli ndi ndalama, ndipo amabweranso ndi mtengo wokwera. Musatumize chithunzi china chilichonse, ngakhale alonjeze kuti ndi chomaliza. Koma musathamangirenso kufufuta macheza, ngakhale mtima ukufuna kutero. Tengani sikirinishoti za mawu oopsezawo, nambala, tsiku ndi nthawi zikuoneka, za tsamba kapena akaunti yake, ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati munalipirapo, chifukwa nambala ya malipiro ija ndi imene ingasonyeze komwe ndalama inatulukira. Mukasunga zimenezi m'pamene mungadine Report ndi Block. Bisani mndandanda wa anzanu pa Facebook, ndipo pa WhatsApp ikani Profile photo ndi Status kuti azione okhawo amene muli nawo mu foni. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Mphamvu yonse ya woopseza ili poti inu muli nokha ndi chinsinsicho.

Pali chida chimodzi chothandiza chithunzi chisanafalikire. Pa StopNCII.org, ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, mumasankha chithunzi mu foni mwanu, foniyo n'kupanga kuchokera pa chithunzicho mndandanda wa manambala ndi zilembo wosafanana ndi wa chithunzi china. Chimene chimatumizidwa ndi mndandandawo, chithunzi sichichoka mu foni. Facebook, Instagram, TikTok ndi makampani ena amene analowa nawo amayerekeza mndandandawo ndi zithunzi zimene anthu akuika, n'kutsekereza zofanana nazo. Kwa amene anajambulidwa asanakwane zaka 18 pali Take It Down, imene imagwira ntchito mofanana. Malire ake ndi awa: chithunzicho muyenera kukhala mukadali nacho, chikasinthidwa kwambiri chikhoza kudutsa, ndipo sichifika mkati mwa macheza ndi magulu a WhatsApp, kumene kuno kwathu zinthu zotere zimayenda kwambiri. Kumeneko chotsala ndi kulembera woyendetsa gulu, amene ali ndi mphamvu yofufutira aliyense uthenga wa membala ukadali watsopano, ndi kusunga umboni wa amene anayamba kuchiika.

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la mu 2016 loona za intaneti ndi malonda a pa makina limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta, ndipo kufuna ndalama moopseza ndi mlandu kuyambira kale. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024 limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera, limakupatsani ufulu wopempha kuti zanu zifufutidwe, ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA. Limagwira bwino pa kiliniki kapena kampani imene ili ndi ofesi m'dziko muno, koma kuthamangitsa nalo apu yopanda adiresi n'kovuta. Komanso achinyengo ambiri amagwiritsa ntchito simu zolembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, kotero dzina limene latuluka pa nambala yawo musalitenge ngati ndi iwo ndithu, n'kuyamba kulilengeza pa Facebook.

Ku polisi funsani ofesi ya Vikitimu Sapoti osati kufotokozera pa kauntala, ndipo mupite ndi munthu wokuperekezani. Onetsani mawu oopseza, nambala ndi umboni wa malipiro. Chithunzi chenicheni chiphimbeni pa sikirinishoti zimene mukupereka, ndipo musalole kuti chitumizidwe ku foni ya munthu wina aliyense popanda kuuzidwa chifukwa chake ndi amene achisunge. Ngati woopsezedwayo ndi mwana wosakwana zaka 18, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo kuchipatala chachikulu cha Mzuzu kuli malo a Chikwanekwane kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amathandizira pamodzi.